Amayi Najere ndi Gawo la Limbani

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni Amayi Najere, ndipo kutchalitchi kwathu palibe amene wakumbuka. Lamulungu lapitali ndinakhala tcheru nthawi ya zolengeza, ndikuti mwina mlembi atchulako dzina lawo. Analengeza za ukwati, za basi ya ku msonkhano, mpaka za ambulera imene wina anaiwala pabenchi. Ndinatuluka mtima ukuwawa, osapatsa moni aliyense. Kwa Amalawi ambiri kuno ku Pretoria, Amayi Najere ndi mayi uja anagwetsa mwana wa eni ake pa sukulu, basi nkhani yathera pomwepo. Ine ndinali m'gulu limodzi ndi iwo ndi mwanayo, choncho ndilembe momwe ndinazionera.

Kwawo kunali ku Ntcheu. Anaphunzitsapo masamu zaka zambiri kumudziko asanatsatire amuna awo ku Joni. Amunawo, omwe anali mmisiri womanga, anamwalira konkuno, ndipo mayiwo anatsala akuchapa ndi kusita m'nyumba ina ya mumpanda ku Centurion, n'kumagona m'kachipinda ka lendi ku Nellmapius. Tsitsi litayera kale, anakalembetsa dipuloma yolemba mapulogalamu a kompyuta pa kakoleji kena m'tauni, komwe inenso ndinkaphunzira. Masiku ena ankakhala kuntchito, masiku ena m'kalasi. Tsiku loyamba atalowa mu labu ya makompyuta atavala duku ndi juzi yoluka, mnyamata wina anawalozera pomwe panatayikira madzi, kuwayesa odzakolopa. Iwo anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kumuuza m'Chingerezi chabwino kuti akatenge mopu yekha popeza maso ake ndi amene aona.

Asakunamizeni munthu kuti anali katswiri, ayi ndithu. Ankataipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikujompha chimanga. Khodi, yomwe ndi mizere ya malamulo ouza kompyuta chochita, ankayamba kuilemba ndi pensulo kuseri kwa makalendala akale a abwana awo, kenako n'kumaikopera mu laputopu mzere ndi mzere, lilime lili panja. Pulogalamu ikakana, ankawerenga uthenga wofiira uja mokweza, labu yonse ikumva, n'kumakangana nawo ngati akukangana ndi kondakitala. Chimene ife tinkatha m'mawa umodzi iwo chinkawatengera masiku. Koma chimene alemba ankachidziwa, ndipo ukawafunsa za mzere uliwonse ankakuyankha osayang'ana.

Mkangano unali chakudya chawo. Anayambanapo ndi madalaivala a matakisi, ndi mwini nyumba wawo pa nkhani ya magetsi, ndi amayi a chigwirizano pa nkhani yophika pamaliro, poti iwo ankatchula mayina a anthu omwe amafika nthawi yogawa mbale pomwe nthawi yosenda anyezi sanaoneke. Mwambi uja woti mutu umodzi susenza denga ankadana nawo kwabasi. Ankati amene amaukonda kwambiri ndi anthu omwe denga likamanyamulidwa amangolowa pansi pake n'kumayenda nawo. Inenso sanandisiye. Anakanapo kulandira khodi yanga chifukwa zinthu zonse ndinazipatsa mayina a chilembo chimodzi chimodzi, n'kundifunsa ngati amayi anga akanasangalala kundibereka n'kunditcha X. Ndinakwiya sabata yathunthu, koma mayinawo ndinasintha.

Dipulomayo anaitenga. Anajambulitsa atavala mkanjo, n'kutumiza zikalata zofunsira ntchito kulikonse. Palibe anawaitana. Ndani angalembe ntchito yoyambira mayi wa zaka za m'ma sikisite pomwe ana a dzulodzuloli ali mbwee pakhomo? Anabwerera ku simbi yawo, ndipo anagwera pomwepo, m'chipinda chositira ku Centurion, mtsempha wa m'mutu utaphulika. Tinasonkha, bokosi linakwera ngolo ya galimoto yopita kumudzi. Anthu pamaliropo kuno ku Pretoria anali ochepa moti nyimbo zinkachita kuzizira.

Chimene chinachepetsa anthuwo ndi nkhani ya Limbani.

Chaka chomaliza tinapatsidwa pulojekiti ya pagulu, ndipo amene wailephera ankabwereza chaka chonse. M'gulu lathu tinalimo anayi: Amayi Najere, omwe tinawasankha kutsogolera poti palibe akanalimba mtima kuwatsogolera iwo, ine Tadala, Karabo, mtsikana wa konkuno wolankhula Chipedi, ndi Limbani, mnyamata wa ku Thyolo. Limbani ankakhala ndi azakhali ake ku Hammanskraal, ulendo wa matakisi awiri. Anali mwana waulemu woti ungamubwereke n'kupita naye kwa apongozi. Ankalandira chinthu ndi manja awiri, ankanyamulira Amayi chikwama, sankakhala pansi wamkulu ataima. Chitupa chake chokhalira m'dziko muno chinali cha sukulu, chotha kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo amalume ake omwe ankamulipirira anali atanena kale kuti chaka china sawonjezera. Tonse tinkadziwa kuti akalephera pulojekitiyi, sukulu yatha ndipo mapepala athanso.

Tinkapanga pulogalamu yoti odwala azisungitsira nthawi yoonana ndi namwino pa kiliniki yaing'ono. Pa ntchito ngati iyi aliyense amalemba pa laputopu yake, n'kumakaika zomwe walemba m'nkhokwe imodzi ya pa intaneti, yomwe timati repo. Repo sinama. Imasunga dzina la amene waikamo kanthu, tsiku lake, ndi mizere imene wasintha. Lekichala wathu anatiuziratu kuti malikisi agulu ndi ochepa, ambiri aliyense adzapeza ake: adzatsegula repo kuona zomwe munthu analemba, ndipo tsiku loonetsa aliyense adzaima n'kufotokoza khodi yake. Kukonza masilaidi oonetsa pakhoma pofotokoza kapena kulemba lipoti, anatero, si khodi.

Nthawi itadutsa theka, ine ndinali nditamanga detabesi, momwe mumakhala mindandanda ya odwala, anamwino ndi nthawi zosungitsidwa, imene timaitcha matebulo. Karabo anali atatha tsamba lolowera ndi mawu achinsinsi komanso losungitsira nthawi. Amayi anali atamaliza lolembetsera odwala ndi la mndandanda wawo. Limbani misonkhano sankajomba, ankabwera ndi mabanzi, ankavomera chilichonse, koma mu repo dzina lake munalibe ngakhale kamodzi.

Karabo anati tikamuneneze kwa lekichala tsiku lomwelo, atichotsere. Atazizirako anati chabwino, timupatse masilaidi ndi lipoti. Ine ndinawakokera Amayi pambali n'kunena zomwe Mmalawi aliyense kuno akanazinena: mwana ndi wathu, tili kudziko la eni, ndimulembera gawo lake n'kuliika m'dzina lake, kenako timuloweza pamtima zoti akanene. Si zachilendo, ungosintha dzina pa laputopu yako repo n'kukhulupirira. Amayi anakana zonse zitatu. Anati kumuneneza asanafunsidwe n'kuweruza mlandu mwini wake ali kudimba. Kumupatsa masilaidi n'kumupha momwetulira, chifukwa malikisi ali mu khodi. Pa zanga zija anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka ndinayamba kukonza kolala yomwe inali bwinobwino.

Anati amulembera Limbani uthenga, koma ayambe agawa ntchito yotsala. Tinakhala atatu pabenchi kunja kwa labu, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinaona kuti kugawa mwachilungamo si kudula pakati ayi. Karabo anati zotsala zonse zikhale za Limbani popeza ife tagwira kale. Amayi anati tikatero timira tonse, chifukwa zina mwa zotsalazo ndi msana wa pulogalamu, ndipo munthu amene sitinaonepo dzanja lake sitingamusenzetse msana. Ine ndinati tigawe panayi mofanana. Anati ndiye kuti amene sanagwire wapindula, komanso kagawo kangako sikangamufikitse pa malikisi okhozera. Ankayeza ntchito ndi nthawi imene ingatenge, osati kuchuluka kwa mizere, ndipo pa chilichonse ankafunsa kuti chikachedwa chiimitsa ndani. Zimene sizingaimitse munthu, zokhala pazokha, ndi zomwe anaika mbali ya Limbani, ndipo zinakwana ngati theka la zotsalazo.

Uthengawo anaulemba kaye ndi pensulo, n'kufufuta mawu onse oluma, omwe analipo ambiri poti anali Amayi Najere. Anachotsa mawu oti ulesi. Anachotsa oti watikhumudwitsa. Anati munthu umamuuza zomwe waona, zomwe zili mumtima mwake anena yekha. Ananditumizira kuti ndiuone usanapite, n'chifukwa chake ndikadali nawo:

"Limbani, ndine Najere. Ndakulembera pawekha, osati pagulu. Ndayang'ana mu repo lero. Tadala, Karabo ndi ine taikamo ntchito, dzina lako mulibe. Chifukwa chake sindikuchidziwa ndipo sindikukuganizira zoipa. Ngati vuto ndi laputopu, thiransipoti, kapena pena sukumvetsa, undiuze, si zamanyazi. Zatsala ndi izi: kufufuza wodwala ndi dzina lake, kuchotsa nthawi imene munthu anasungitsa akasintha maganizo, lipoti la odwala a tsikulo, kuletsa anthu awiri kusungitsa nthawi imodzi kwa namwino mmodzi, kukonza masamba kuti azioneka bwino pa foni, ndi mayeso oona ngati pulogalamu yonse ikugwira bwino. Maganizo anga ndi oti iwe utenge zitatu zoyambazo. Cha anthu awiricho n'chovuta ndipo chikukhudza detabesi, atenge Tadala. Masamba atenge Karabo. Ine nditenga mayeso, ndiponso ndiziwerenga khodi yako isanaphatikizidwe ndi ya gulu. Lipoti lolemba aliyense alemba za gawo lake. Yamba ndi kufufuza, n'kochepa ndipo kukufanana ndi tsamba langa la mndandanda, ukhoza kuonera pamenepo. Tsegula nthambi yako mu repo, pofika Lachitatu uikemo chilichonse ngakhale chisakugwira ntchito. Loweruka m'mawa ndimakhala pakhomo, bwera tikhale limodzi, koma manja pa kiyibodi akhala ako. Ngati kugawaku sukugwirizana nako, kana, unene momwe ukufunira, tikambirana. Palibe amene alembe m'dzina la mnzake. Lolemba la sabata yamawa likafika mulibe kanthu, tipita kwa lekichala, iwenso ulipo, osati kumbali."

Mpaka lero sindinaone uthenga wa mtundu umenewu woposa uwu, ndipo kuntchito kwanga ndaubera kangapo. Unali ndi zoona zokhazokha, unali ndi khomo lotulukira, unali ndi tsiku. Karabo titamumasulira anaomba m'manja.

Yankho linabwera tisananyamuke pabenchipo. "Chabwino Amayi, palibe vuto. Zikomo kwambiri."

Amayi anasangalala, n'kuika kagawidweko pagulu m'Chingerezi kuti aliyense aone. Karabo anamva kuti munthu wavomera. Ife awiri, Amalawi, ndife amene tinayenera kumva zina. Mwana woleredwa bwino ku Thyolo sauza mayi wa imvi kuti ayi. Sanena kuti katundu mwandipatsayu wandilemera. Amati chabwino, n'kukafera kutsogolo. Amayi Najere, omwe anaphunzitsa ana otere zaka zonse zija, ankadziwa zimenezi kuposa ine. Koma anali atazolowera kuti mu labu ndi ofanana ndi aliyense, ankanyadira kuti ana amakangana nawo pa khodi, ndipo anaiwala kuti kwa Limbani iwo sanali mnzake wa m'gulu. Mawu oti kana analipo muuthengamo, koma kwa iye anali ngati mbale imene mlendo amauzidwa kuti awonjezere, iye n'kudziwa kuti sayenera.

Lachitatu nthambi inatsegulidwa. Nthambi ndi kope lako la pulogalamu momwe umagwiriramo ntchito osasokoneza anzako mpaka itatha. M'nthambi ya Limbani munali failo imodzi yokhala ndi mutu wokha. Amayi anati ndi chiyambi.

Loweruka anabweradi, ndipo inenso ndinalipo poti anandiitana kuti ndidzakhale mboni, koma anandichenjeza kuti ndikangogwira kiyibodi andithamangitsa. Limbani anafika dzuwa litakwera, fumbi mpaka m'maondo, atanyamula buledi. Anakhala pampando manja ali pamaondo. Amayi anamuuza kuti ayatse pulogalamu ya gulu pa laputopu yake tione. Anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana pansi. Sankadziwa kuyatsa kwake. Anamufunsa zinthu za chaka choyamba, momwe umauzira kompyuta kubwereza chinthu pa mndandanda wonse, iye n'kumangomwetulira thukuta lili kamukamu. Pang'ono ndi pang'ono zinatuluka. Chiyambireni sukulu sanalembepo pulogalamu yekha. Magulu onse am'mbuyo munali achimwene ena a kumudzi omwe ankamulembera, iye n'kumapulinta, kumanga mabuku, kugula zakumwa. Mayeso olemba ankaloweza n'kumadutsa mokwawa. Anthu anamukonda mwana uja mpaka kumufikitsa chaka chomaliza ali chimanjamanja.

Ndinayembekeza kuti Amayi aphulika. Anangovula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuti tiyambe. Anamutsegulira tsamba lawo la mndandanda n'kumamufunsa mzere uliwonse kuti ukuchita chiyani, osamuuza, mpaka anene yekha. Kenako anamufunsa kuti ngati mzere uwu ukuitana odwala onse, tingauuze bwanji kuti uitane okhawo amene dzina lawo likuyamba ndi zilembo zomwe munthu wataipa. Analakwitsa, nalakwitsanso. Atayesa kumata dzinalo mwachindunji m'funso lopita ku detabesi, Amayi anamumenya padzanja ndi pensulo n'kumufotokozera kuti zomwe mlendo wataipa sumazimata choncho, umazipereka padera, apo ayi wina adzataipa lamulo m'malo mwa dzina n'kukupukutira matebulo onse. Ine manja ankandiyabwa, ndinachita kuwakhalira.

Chakumasana anataipa zilembo zitatu m'kabokosi, ndipo pa sikirini panatuluka Banda ndi Bandawe, mayina abodza omwe tinaikamo poyesera. Limbani anaseka. Sindinamumvepo akuseka choncho, kuseka kwa mwana weniweni, mpaka kuiwala ulemu n'kumenya tebulo. Anaika khodiyo mu repo ndi dzanja lake, m'dzina lake.

Ndiye Amayi anamufunsa ngati ziwiri zotsalazo azitha, poona pomwe ali. Anati akhoza kupita naye kwa lekichala Lolemba kukafotokoza zonse. Anamufunsa kawiri, kachiwiriko atamugwira paphewa.

"Ndizitha, Amayi. Musavutike."

Lolemba linafika, ndipo popeza mu repo munali kanthu monga uthenga unanenera, kwa lekichala sitinapite.

Loweruka lotsatira sanabwere. Anati azakhali amutuma kukasaka madzi, poti kumene ankakhalako madzi a pampopi anthu sankawakhulupirira. Linalo anati mutu. Akafunsidwa pagulu ankati zikuyenda. Kutatsala masiku owerengeka, Karabo anandiimbira m'mawa akulankhula zilankhulo zitatu nthawi imodzi. Limbani anali ataika mizere mazanamazana kamodzi, osati m'nthambi yake, koma m'pulogalamu ya gulu mwenimweni, wina asanaiwerenge. Inali khodi yochita kufunsa kwa makina aja amayankha mafunso pa intaneti, yooneka bwino, koma yoitana matebulo omwe m'detabesi yathu munalibe. Pomwe inagwirako ntchito ndi pomwe panali poopsa: ukati uchotse nthawi imene wodwala anasungitsa, inkachotsa wodwalayo. Karabo anabweza pulogalamu momwe inalili dzulo lake, poti repo imalola kutero, ndipo gawo la Limbani linatsalanso kufufuza kuja kokha.

Ndinapitanso kwa Amayi. Ndinati ziwirizo ndingazilembe tsiku limodzi, palibe adzadziwe. Tsiku lomwelo azakhali a Limbani, omwe ankaimba nawo kwaya imodzi, anakwera matakisi mpaka ku Nellmapius, n'kugwada pakhomo mayi wamkulu ndithu. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anati mayi ake a mwanayu anagulitsa munda. Amayi Najere analira nawo limodzi, ndinaona ndi maso angawa, koma anati chimene angathe ndi kupempha tchuthi kuntchito n'kukhala naye tsiku lililonse mpaka alembe yekha chimodzi mwa ziwirizo. Anati kumulembera ndiko kwamufikitsa pamenepa. Tchuthicho anapemphadi, abwana awo n'kuwadula malipiro. Limbani foni anathimitsa.

Anaonekera tsiku loonetsa, atavala shati yoyera yositidwa bwino. Nthawi yake itafika anafotokoza kufufuza kuja mosadodoma, mpaka chifukwa chimene sumamatira dzina m'funso, lekichala n'kugwedeza mutu. Kenako lekichalayo anatsegula repo n'kufunsa za mizere mazana ija inalowa n'kuchotsedwa. Anamusonyeza umodzi kuti anene ntchito yake. Limbani anayang'ana pansi. Lekichala anatembenukira kwa mtsogoleri wa gulu. Amayi anaimirira n'kunena kuti kufufuzako analemba yekha iwo akuona, zinazo sanalembe ndi iye, ndipo ali okonzeka kumuphunzitsa ngati angapatsidwe nthawi. Atatufe tinakhoza. Limbani analephera.

Amayi anatsatira lekichala ku ofesi kukapempha, ine ndili pambuyo. Munthuyo sanali woipa. Anati pulojekiti ilibe mayeso obwereza, malikisi apita kale. Kenako ananena mawu omwe ndikanakonda akanawameza. Anati tikanabwera masabata angapo m'mbuyomo, mnyamatayo n'kunena yekha kuti zamukulira, akanamuchotsa m'gulu n'kumupatsa kantchito kakekake kochepa ndi nthawi yowonjezera, poti anachitirapo ena zotero. Amayi anathokoza, n'kutuluka. Pa masitepe anakhala pansi, chikwama chili pamiyendo, anthu n'kumawalambalala.

"Ndinamufunsa ngati mnzanga," anatero. "Iye anandiyankha ngati mwana. Ndipo ine ndinamva zomwe ndinkafuna kumva."

Sanabwerezenso nkhaniyi kwa ine, ndipo kutchalitchi sanadziteteze. Kumeneko inafika itavala zina: akuti anaimirira pamaso pa anthu a eni dziko n'kunena kuti mwana wa Chimalawi ndi wakuba. Azakhali aja anasiya kuwapatsa moni. Kwaya inasintha tsiku lophunzira nyimbo osawauza. Pabenchi yawo pankakhala malo a anthu awiri mbali iyi ndi iyi, tchalitchi chitadzaza. Mayi amene ankakangana ndi aliyense anangoti zii, ndipo chete ameneyo ankandiopsa kuposa mkangano wawo. Ine ndinayambanapo ndi anthu angapo powaikira kumbuyo, koma nanenso ndikagona ndinkadzifunsa ngati dipuloma yabodza siikanaposa zomwe zinachitikazi. Achimwene aja ankamulembera ali pantchito zabwino, ndipo palibe amawaloza chala.

Limbani chitupa chinatha ali konkuno. Kumudzi sanapite, akanakawauza chiyani? Anachoka kwa azakhali ake osatsanzika. Wina anati anamuona akukankha wilibala pomwe akumanga nyumba ku Centurion, wina anati ali ku mafamu, wina anati anagwidwa. Amayi ankamutumizira uthenga mwezi ndi mwezi, waufupi, woti Loweruka akadali pakhomo ndipo atha kuyambira pa chiyambi penipeni, za sukulu zidzaoneka. Mauthengawo sankafika n'komwe, nambala inali itafa.

Dzulo ndinapita ku Nellmapius, poti kumanda ndi kutali ndipo ndinalibe kwina kopita. Mwini nyumba, mayi wa Chipedi yemwe ankakangana nawo za magetsi uja, anandizindikira n'kundipatsa mpando. Anati chipindacho sichinapeze wolowa, denga likudontha ndipo alibe chokonzera. Tikucheza anakumbuka kuti kunabwera mnyamata, patapita miyezi ingapo bokosi litapita. Linali Loweruka m'mawa. Wowonda, nsapato zodzaza simenti, atanyamula buledi ndi kope latsopano la ana a sukulu. Anafunsa za Amayi mwaulemu kwambiri, n'kunena kuti laputopu alibenso koma anamva kuti khodi itha kulembedwa ndi pensulo. Atauzidwa kuti Amayi anamwalira, anaima pakhomopo nthawi yaitali. Anapempha madzi akumwa, anasiya bulediyo pawindo, n'kumapita. Dzina sananene, nambala sanasiye, ndipo sanabwerenso.

Ndinapempha kiyi. Chitseko chinachita kukankhidwa ndi phewa chifukwa chafufuma ndi mvula. Mkatimo mulibe bedi, mulibe katani. Pakhoma patsala misomali ndi mabanga oyera pomwe panali zithunzi. Pakati pa chipinda pali beseni lolandira madzi a padenga, ndipo m'ngodya mwini nyumba waunjikamo matumba a simenti omwe auma kale. Tebulo analisiya poti mwendo umodzi ndi waufupi, likadali pansi pa windo, katoni yopinda ili pansi pa mwendowo. Mipando anatenga achibale. Ndinaima pamenepo mpaka mwini nyumba anaitana kuti akufuna kutseka geti, ndipo ndinakoka chitseko n'kumubwezera kiyi wake.